Malangizo aulere: akulipira mlangizi wanu ndani?

Achemwali anga ndi mphunzitsi. Tsiku lina pa buleki, m'chipinda cha aphunzitsi munalowa bambo wina wa tayi, chikwama kukhwapa. Anafotokoza bwino kwambiri za pangano losungira ana ndalama ya sukulu, K20,000 pamwezi yodulidwa ku malipiro, zaka 15, pamapeto pake ndalama yambirimbiri. Kenako anatulutsa fomu, n'kulemba timitanda titatu ndi pensulo. "Madamu, mungosayina apa, apa ndi apa. Ine simundilipira kanthu." Belu lisanalire, aphunzitsi angapo anali atasayina.

Patatha zaka ziwiri mphepo inasasula denga la nyumba yawo, ndipo anapita ku ofesi ya kampaniyo kukafunsa ndalama zawo. Anali atapereka K480,000. Anauzidwa kuti akasiya panganolo tsiku limenelo alandira ndalama yosafika ngakhale theka. Anabwera kunyumba akunena mawu amodzi okha, akuti andibera. Ndinakhala pansi n'kuwerenga mapepala onse, ndipo ndinapeza kuti palibe anaba. Zonse zinalembedwa, kungoti zinali pa tsamba limene panalibe kamtanda ka pensulo.

Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonekera. Munthu akhoza kutaya ndalama yochuluka chonchi popanda wina wophwanya lamulo, ndipo bambo wa tayi uja akhoza kukhala munthu wachilungamo amene amakhulupiriradi zimene amagulitsa. Kuti timvetse zimenezi tiyenera kutsatira ndalama, kuona kumene imachokera, amene amaidula panjira, ndi amene amapindula mukasankha ichi m'malo mwa icho.

Waimirira mbali iti?

Mawu oti mlangizi wa zachuma amaphimba anthu a ntchito zosiyana. Ejenti amaimirira kampani. Amagulitsa zinthu za kampani imene inamutuma, ndipo zimene makampani ena ali nazo sizili m'chikwama chake. Buloka amayenera kuimirira inu wogula, kuyenda m'makampani angapo n'kukubweretserani chimene chikukuyenerani, ngakhale kuti nthawi zambiri amene amamulipira ndi kampani imene wakugulitsirani zinthu zake. Palinso wogwira ntchito kubanki amene amakuuzani za inshuwalansi kapena za malo osungitsa ndalama pamene mwapita kukatapa malipiro. Ameneyo ndi wantchito wa banki. Mlangizi amene mumamulipira nokha kuchokera m'thumba mwanu, wosalandira kanthu kwa ogulitsa, ndi mtundu winanso, ndipo ndi wosowa kusiyana ndi enawa.

Ganizirani za ankhoswe. Pa ukwati pamakhala nkhoswe ya kuchimuna ndi nkhoswe ya kuchikazi, ndipo aliyense amadziwa kuti uyu wabwera ndi mbali iti. Palibe amanyoza nkhoswe ya kuchimuna chifukwa choyankhulira mwamuna, poti ndiyo ntchito yake. Chisokonezo chikanabwera mkazi atayesa kuti munthu ameneyo ndi nkhoswe yake. Achemwali anga anayesa ejenti wa kampani kuti ndi nkhoswe yawo.

Ku Malawi, lamulo la Financial Services Act la 2010 linapereka udindo woyang'anira makampani a zachuma kwa Gavanala wa Reserve Bank of Malawi, amene pa ntchito imeneyi amatchedwa Registrar of Financial Institutions. Makampani a inshuwalansi, a penshoni, mabuloka ndi ogulitsa masheya, amene ndi magawo a umwini wa makampani, amayenera kukhala ndi chilolezo chochokera kumeneko. Amene ali ku South Africa ali ndi bungwe la FSCA, ndipo mlangizi wovomerezeka amakhala pansi pa nambala ya chilolezo, yotchedwa FSP, imene mungaifufuze. Ku Britain bungwe lotereli ndi FCA, ndipo kumeneko mlangizi wa kasungidwe ka ndalama amayenera kukuuzani ngati ali woima payekha kapena ngati amangosankha pa zinthu zochepa. Chilolezo chimakuuzani kuti munthuyo akudziwika ndipo mukhoza kukamudandaula. Sichikuuzani kuti zimene akugulitsa ndi zotchipa.

Komishoni

Komishoni ndi ndalama imene kampani imapatsa munthu chifukwa chakuti wagulitsa chinthu chake. Akapanda kugulitsa, palibe cholandira. Oitanira minibasi pa depoti amagwira ntchito chimodzimodzi. Mnyamata amene akukulandirani chikwama n'kukuuzani kuti yatsala malo amodzi, inyamuka pompano, simumupatsa kanthu. Kondakitala ndiye amamupatsa basi ikadzaza, ndipo kondakitalayo ndalama imeneyo waitenga pa mtengo umene inu mwalipira. Mnyamatayo akhoza kukukwezani basi yabwino ndithu. Koma sangakuuzeni kuti ya kutsogoloko ndiyo yatsala pang'ono kudzaza.

Njira imeneyi ndi yakale. Kampani ya Prudential ya ku Britain, imene inayamba mu 1848, inakula chifukwa cha maejenti amene ankayenda khomo ndi khomo m'midzi ya anthu ogwira ntchito m'mafakitale, kutolera timakobidi sabata ndi sabata. Makampani anaona kalekale kuti inshuwalansi ya moyo si chinthu chimene munthu amadzuka m'mawa n'kupita kukagula yekha ngati sopo. Pamafunika wina womutsatira, kumufotokozera, kubwereranso kachiwiri ndi kachitatu. Woyenda mtunda wonsewo amafuna kudya lero, osati patatha zaka 15, ndiye makampani anayamba kupereka gawo lalikulu la komishoni kumayambiriro kwa pangano.

Apa ndi pamene ndalama ya achemwali anga inapita. Tiyerekeze ndi manambala ongopeka kuti zimveke. K20,000 pamwezi ndi K240,000 pachaka. Tinene kuti kampani ikupatsa ejenti theka la ndalama ya chaka choyamba, ndiye K120,000 yachoka. Pa yotsalayo kampani ichotsa mtengo wa chitetezo cha moyo, chifukwa mukamwalira chaka chachiwiri banja lanu lilandira ndalama yolonjezedwa ngakhale mwangopereka pang'ono. Ichotsanso zolipirira ofesi, mapepala ndi antchito. Imene yatsala ndiyo imasungidwa kuti ibereke. Kampani imawerengera kuti ibweza zimene inawononga poyamba pang'onopang'ono m'zaka zonse 15. Mukachoka chaka chachiwiri imazibweza nthawi imodzi, kuchokera pa ndalama yanu. Yotsalayo ndi imene pa mapepala amaitcha sarenda valiyu, ndalama imene mulandire mukasiya panjira.

Motero pangano lomwelo likhoza kukhala labwino kwa munthu amene afike kumapeto, n'kukhala loipa kwambiri kwa amene asiye msanga. Funso lenileni kwa mphunzitsi silinali lakuti adzalandira zingati patatha zaka 15. Linali lakuti kodi angathe kudulidwa K20,000 mwezi uliwonse kwa miyezi 180 osaphonya, denga litasasuka kapena maliro atagwa pakhomo. Ejenti wolipidwa pa siginecha alibe chifukwa chokhalitsa pa funso limeneli.

Nkhani yotereyi inavuta kwambiri ku South Africa. Anthu amene anasiya kapena kuchepetsa zopereka zawo pa mapangano a penshoni amene anagula paokha anapeza kuti makampani awadula ndalama zochuluka, ndipo madandaulo anachuluka ku ofesi ya woweruza milandu ya penshoni. Mu Disembala 2005 makampani akuluakulu a inshuwalansi ya moyo anagwirizana ndi nduna ya zachuma, Trevor Manuel, kuti aike malire pa zodula zimenezi ndi kubwezera makasitomala, pa mtengo wa pafupifupi marandi 3 biliyoni. Pambuyo pake malamulo a komishoni anasinthidwa kuti pa mapangano osungira ndalama gawo lina lizilipidwa pang'onopang'ono, osati lonse poyamba.

Pali zinthu ziwiri zokhudza komishoni zimene zimafotokoza khalidwe la ejenti. Choyamba, makampani ambiri amamulanda ejenti gawo la komishoni yake ngati kasitomala wasiya m'miyezi yoyambirira. N'chifukwa chake mukaphonya mwezi m'chaka choyamba foni imalira msanga, koma mukaphonya m'chaka chachisanu pamakhala zii. Chachiwiri, pangano latsopano limabweretsa komishoni yatsopano. Munthu akakuuzani kuti siyani lakalelo, labwera lina labwino kuposa, dziwani kuti mulipira zodula za poyamba kachiwiri. Nthawi zina kusinthako kumakhala koyenera ndithu, koma afotokoze ndi manambala kuti mutaya zingati posiya lakale, ndipo latsopanolo libweza zimenezo m'zaka zingati.

Machaji a chaka ndi chaka

Komishoni imaluma kamodzi, ndipo munthu amamva kupweteka. Machaji a pachaka sapweteka, chifukwa simuwaona akuchoka. Awa ndi malipiro a amene akuyendetsa ndalama yanu, ndipo amawerengedwa ngati peresenti ya ndalama yonse imene muli nayo m'thumba losonkherana limene akuyendetsalo, chaka chilichonse, kaya thumbalo lapindula kaya laluza. Amapezeka pa penshoni, pa mapangano a inshuwalansi osungira ndalama, ndi pa mayuniti tirasiti, amene ndi matumba osonkherana momwe kampani imagula masheya ndi zikalata za ngongole m'malo mwa anthu ambiri. Amachotsedwa mtengo wa mayuniti anu, amene ndi magawo anu m'thumbalo, usanalengezedwe, choncho pa sitetimenti nthawi zambiri sipakhala mzere wonena kuti mwezi uno tadula zakuti.

Mlimi wa fodya amadziwa bwino zimenezi. Mtengo umene wamenyedwa pa belo ku okushoni ku Kanengo si ndalama imene imalowa kubanki. Pakati pamadutsa za okushoni, za mayendedwe, za ziguduli, za bungwe, msonkho, mwinanso ngongole ya feteleza. Chilichonse payekha chimaoneka chaching'ono, ndipo chilichonse chili ndi chifukwa chake. Mlimi wozindikira amayang'ana mzere wa pansi. Kusiyana kwake n'kwakuti mlimi amadulidwa kamodzi pa belo, pamene wosungitsa ndalama amadulidwa pa belo lomwelo chaka chino, chaka chamawa ndi chaka chinacho.

Tiyeni tiwerengere limodzi, manambala ake ndi ongoyerekeza. Bambo wapuma pa ntchito ndipo ali ndi K10,000,000 imene sakufuna kuikhudza kwa zaka 10. Alangizi awiri amubweretsera matumba awiri. Tinene kuti onse awiri amagula zinthu zofanana ndipo ndalama imabereka K20 pa K100 iliyonse pachaka machaji asanachoke. Thumba loyamba silidula kanthu polowa, ndipo limadula 1 peresenti pachaka. Lachiwiri limadula 3 peresenti polowa, kenako 3 peresenti pachaka mukaphatikiza ya woyendetsa thumba, ya mlangizi ndi zina.

M'thumba loyamba K10,000,000 yonse ikuyamba kugwira ntchito ndipo ikukula ndi 19 peresenti pachaka. Patatha zaka 10 ifika pafupifupi K56.9 miliyoni. M'thumba lachiwiri K300,000 yachoka tsiku loyamba, yatsala K9,700,000, ndipo ikukula ndi 17 peresenti. Patatha zaka 10 ifika pafupifupi K46.6 miliyoni. Kusiyana kwake ndi K10.3 miliyoni, kuposa ndalama yonse imene bamboyo anabwera nayo. Chimene chakulitsa kusiyanaku si K300,000 ya polowa ija, ngakhale ndiyo imene anthu amakangana nayo. Ndi ma peresenti awiri a pachaka aja, chifukwa kwacha iliyonse yodulidwa chaka choyamba imapita limodzi ndi ana ake onse amene ikanabereka m'zaka zisanu ndi zinayi zotsatira.

Kwathu kuno pali china chimene chimabisa machaji, ndicho kukwera mitengo kwa zinthu. Pamene chiwongoladzanja chili pamwamba, 3 peresenti imaoneka ngati kanthu kochepa pambali pa 20. Koma phindu lenileni ndi limene latsala mitengo itakwera. Ngati m'chitsanzo chathu mitengo ya zinthu ikukwera ndi 15 peresenti pachaka, phindu lenileni ndi pafupifupi ma peresenti asanu okha, ndipo thumba lachiwiri likutenga atatu mwa asanuwo. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo m'chaka chotsatira mitengo inkakwera mozungulira 30 peresenti. M'nyengo yotero munthu wolandira 20 peresenti amaona nambala ikukula pa pepala, koma matumba a simenti amene angagule akuchepa. Machaji amadulidwabe.

Mkangano wa machaji unakula ku America kuyambira 1976, pamene John Bogle wa kampani ya Vanguard anayambitsa thumba limene silisankha masheya koma limangogula onse a pa mndandanda wa msika, motero limadula zochepa kwambiri. Mfundo yake inali yakuti palibe angalonjeze phindu la mawa, koma machaji amadziwika lero. Otsutsana naye amati woyendetsa thumba waluso amayenera malipiro ake, makamaka pa misika ing'onoing'ono pamene masheya sagulidwa ndi kugulitsidwa tsiku lililonse ndipo kudziwa kampani bwino kumathandiza. Msika wa Malawi Stock Exchange, umene kampani yoyamba kulembetsa inali NICO mu 1996, ndi wa mtundu waung'ono umenewu. Thumba lodula zambiri likhoza kupambana lotchipa. Chimene chitsanzo chathu chikuonetsa n'chakuti liyenera kupambana ndi ma peresenti oposa awiri chaka chilichonse kwa zaka 10 kuti bamboyo angofanana ndi mnzake.

Zofuna zosemphana

Zofuna zimasemphana pamene chimene chipindulitse mlangizi si chimene chipindulitse inu. Izi si chinyengo, ndipo si umboni woti munthuyo ndi woipa. Ndi mmene zinthu zaimira basi. Sing'anga amene amaombeza ndiponso kugulitsa mankhwala ali pa malo oterewa. Akhoza kukhala wodziwa ndithu, koma ndi kawirikawiri bwanji pamene amauza wodwala kuti palibe vuto, pitani mukagone, madzi okha akwana?

Nkhani imene imaonetsa zimenezi poyera inachitika ku Britain mu 2017. Thumba la penshoni la ogwira ntchito ku British Steel linkasinthidwa, ndipo antchito, ambiri a iwo ku Port Talbot ku Wales, anayenera kusankha mwachangu chochita ndi penshoni yawo. Penshoni imeneyo inali ya mtundu wolonjeza malipiro a mwezi ndi mwezi mpaka imfa. Alangizi anakhamukira kumeneko. Ambiri a iwo ankalipidwa pokhapokha wantchito akavomera kutulutsa penshoni yake n'kuisamutsira kwina. Akamulangiza kuti akhale pomwe ali, mlangizi ankabwerera chimanjamanja. Anthu pafupifupi 8,000 anasamutsa, ndipo FCA itafufuza inapeza kuti pafupifupi theka la malangizo amene inawaunika anali osayenera. Kuyambira Okutobala 2020 bungweli linaletsa kalipiridwe kameneka pa kusamutsa penshoni za mtundu umenewu, kupatula pa zochitika zochepa.

Onani kuti pamenepa sipanali komishoni ya kampani, chifukwa Britain inali italetsa kale komishoni pa malangizo a kasungidwe ka ndalama kumapeto kwa 2012. Ndalama inkachokera kwa kasitomala mwini, koma msampha unali womwewo, yankho limodzi linkalipira ndipo linalo silinkalipira. Ndiye poyesa mlangizi musangofunsa ngati amalandira komishoni. Funsani chimene alandire mukati inde, ndi chimene alandire mukati ayi.

Palibe kalipiridwe kopanda kusemphana kwake. Wolipidwa komishoni amakokeredwa ku chinthu cha komishoni yaikulu ndi ku pangano la zaka zambiri. Wolipidwa peresenti ya ndalama imene akukusungirani sasangalala mukafuna kutapa theka kuti mumange nyumba ya lendi, chifukwa malipiro ake atsika ndi theka. Wolipidwa pa ola akhoza kutalikitsa nkhani. Wantchito wa kubanki wa malipiro a pamwezi amakhala ndi chiwerengero chimene abwana amuikira kuti agulitse, ndipo bonasi yake imadalira pamenepo.

Palinso kusemphana kochokera ku ubale wa makampani. NICO Holdings ili ndi gawo lalikulu mu NBS Bank, ndipo m'banja lomwelo muli makampani a inshuwalansi ya moyo, inshuwalansi ya katundu, penshoni ndi oyendetsa ndalama. Old Mutual nayo ili ndi nthambi za inshuwalansi ya moyo, penshoni ndi mayuniti tirasiti. Umu ndi mmene makampani akuluakulu a zachuma amakhalira pafupifupi kulikonse, ndipo palibe cholakwa pamenepo. Ena amakonda zimenezi poti zonse amazipeza pakhomo limodzi. Kungoti pamene wina wakuuzani kuti chinthu ichi ndicho chabwino, ndi bwino kudziwa ngati wayerekeza ndi za makampani ena kapena wangotchula cha m'banja mwake.

Ine ndimaona kuti kusemphana kumaonekera kwambiri pa zimene mlangizi sanatchule kusiyana ndi zimene watchula. Munthu amene ali ndi ngongole ya chiwongoladzanja cha 30 peresenti, n'kuuzidwa kuti aike ndalama pa chinthu chobereka 20, akutunga madzi ndi ndowa yobooka. Kubweza ngongoleyo kaye kukanamupindulitsa kwambiri, koma palibe amalandira komishoni pa malangizo oti bwezani ngongole. Chimodzimodzi zikalata zobwereketsa ndalama ku boma, matirezhale bilu a masiku 91, 182 ndi 364 amene Reserve Bank imagulitsa. Zili ndi zovuta zake, ndipo si aliyense zimamuyenera, koma ndi muyeso wabwino. Ngati chinthu chimene mukuuzidwa chili ndi chiopsezo chachikulu kuposa zikalata zimenezi, n'kumabereka zochepa kuposa izo machaji atachoka, mlangizi afotokoze chifukwa chake.

Kuulula, ndi mmene mungafunsire

Kuulula ndi lamulo lakuti wogulitsa auze wogula zimene akudula ndi zimene akulandira. Maiko ambiri anayamba ndi njira imeneyi asanaganize zoletsa chilichonse. South Africa inaika zimenezi m'lamulo la FAIS la 2002. Ganizo lake ndi lofanana ndi lakuti sikelo ya wogula mbewu iyang'ane kwa mlimi kuti onse awiri aone singano. Vuto lake ndi limene achemwali anga anakumana nalo. Sikelo ikhoza kuyang'ana kwa inu koma manambala ake ali m'Chingerezi cha maloya, pa tsamba lachisanu ndi chimodzi, belu la buleki litatsala mphindi zitatu.

N'chifukwa chake funso liyenera kukhala la makwacha, osati la ma peresenti. Safunsa anadya phula, ndipo pa nkhani ya ndalama kufunsa si mwano. Mukhoza kunena mwaulemu kuti, "Achimwene, ndikasayina lero, inuyo mulandira ndalama zingati chaka chino, nanga zaka zotsatira? Akupatseni ndani?" Kenako pemphani kuti akulembereni kuti pa K100,000 iliyonse imene mupereke chaka choyamba, ndi zingati zimene zisungidwe m'dzina lanu. Ngati ndi pangano la mwezi ndi mwezi, pemphani tebulo loonetsa ndalama imene mulandire mukasiya chaka choyamba, chachiwiri, chachitatu ndi chachisanu, n'kuyerekeza ndi imene mudzakhale mutapereka. Chaka chimene manambala awiriwa akukumana chikuuzani kutalika kwa nthawi imene mwamangidwa.

Nambala yaikulu ya kumapeto ija muifunse padera. Kodi ndi lonjezo lolembedwa m'pangano, kapena ndi chiyerekezo chotengera kuti ndalama izidzabereka mwakuti? Nthawi zambiri gawo lolonjezedwa limakhala laling'ono, ndipo lalikulu limadalira mabonasi amene kampani imalengeza chaka ndi chaka malinga ndi mmene zayendera. Funsaninso ngati chiyerekezocho chachotsa kale machaji ndi msonkho.

Mayankhidwe ake amakuuzani zambiri. Ejenti wabwino amayankha mosavuta, chifukwa komishoni si chinthu chochititsa manyazi, ndi malipiro a ntchito. Amalola kuti mutenge mapepala mukawerenge kunyumba, ndipo amafunsa za ngongole zanu, za ana, ndi za ndalama imene muli nayo ya mwadzidzidzi asanatchule chinthu chilichonse. Chenjerani ndi amene akuti kampani ndiyo imandilipira, inu sizikukukhudzani. Chenjeraninso ndi amene akuti mwayiwu utha Lachisanu, amene akudzaza fomu yekha n'kukusiyirani timitanda, ndiponso amene akuti mutumize ndalama ku nambala yake ya foni kapena ku akaunti ya dzina lake m'malo mwa ya kampani. Chomalizachi sichilinso nkhani ya machaji. Pamenepo ndalama yonse ikhoza kupita.

Zikavuta, dandaulo limayamba ku kampaniyo, molemba, ndipo musunge kope. Likapanda kutheka kumeneko limapita kwa Registrar ku Reserve Bank. Achemwali anga sanadandaule, poti panalibe cholakwa cholembeka. Anafunsa ngati angaimitse zopereka koma ndalama yosungidwayo ikhalebe momwemo mpaka panganolo litakhwima, njira imene mapangano ena amalola akafika msinkhu winawake. Denga analifolera ndi ngongole ya banki nkhonde.

Mafunso amene sanayankhidwe

Kodi komishoni ingoletsedwa? Britain inatero pa malangizo a kasungidwe ka ndalama, ngakhale inaisiya pa inshuwalansi ya chitetezo chokha ndi pa ngongole za nyumba. Australia inachitanso zofanana mu 2013. Ogwirizana nazo amati malangizo anayera, poti kampani singathenso kugula mlangizi ndi komishoni yaikulu. Otsutsa amati mabanki ambiri anasiya kulangiza anthu wamba, ndipo alangizi anayamba kufuna makasitomala a ndalama zambiri okha, moti wa ndalama zochepa anatsala wopanda womuthandiza. Mbali zonse ziwiri zili ndi umboni, ndipo mkanganowo ukupitirira.

Kwathu funsoli ndi lovuta koposa. Ndani angakwere basi kupita ku sukulu ya kumudzi ku Ntchisi kukafotokoza za inshuwalansi ngati palibe komishoni? Ndipo ndi mphunzitsi uti angatulutse ndalama m'thumba kulipira munthu kuti angomuuza maganizo? Pali mabanja amene analandira ndalama bambo atamwalira chifukwa chakuti ejenti wina anawakakamira mpaka anasayina. Palinso amene anataya zopereka za zaka ziwiri chifukwa cha kukakamira komweko. Kuwerenga kuti gulu lalikulu ndi liti kumafuna kudziwa kuchuluka kwa mapangano amene amafera panjira, ndipo nambala imeneyo ogula saiona pa fomu.

Funso lina ndi la kuulula komweko. Ofufuza ena apeza kuti mlangizi akaulula kuti ali ndi phindu pa nkhaniyo, kasitomala nthawi zina amachita manyazi kukana, poopa kuoneka ngati akumukayikira. Pakati pathu, pamene ejenti amakhala wa mpingo umodzi, mlamu, kapena mwana wa anzathu amene wangoyamba kumene ntchito, manyazi amenewa ndi aakulu. Kodi pepala lolembedwa m'Chichewa, la tsamba limodzi, loonetsa makwacha, lingathetse zimenezi, kapena lingangowonjezera malo ena osayina?

Ndipo pali funso la muyeso umene mlangizi ayenera kuweruzidwa nawo. Kodi akwanitse kungoonetsa kuti chimene anagulitsa chinali choyenera kasitomala, kapena aonetse kuti chinali chabwino koposa pa zonse zimene zinalipo? Pangano la achemwali anga likanadutsa muyeso woyamba, poti anali ndi ana ndipo ankafunadi kusunga. Pa muyeso wachiwiri pakanafunika kufunsa chifukwa chake sanauzidwe za kugula chitetezo cha moyo chokha pa mtengo wochepa, n'kusunga yotsalayo pamalo pamene akanaitapa tsiku la mphepo lija. Koma ejenti wa kampani imodzi angaweruzidwe bwanji pa zinthu zimene sizinali m'chikwama chake? America yakhala ikukokana pa funso limeneli kwa zaka zambiri, malamulo akulembedwa, kutsutsidwa kukhoti ndi kulembedwanso.